Mnzanga wakwezedwa pa udindo womwe nanenso ndimaufuna: ndimulembere chiyani?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito ku nthambi yowerengera ndalama. Kunatuluka mpata wa mkulu wa nthambiyo, tinafunsira anthu angapo, koma ofika pa intavyu yomaliza tinali awiri, ine ndi mnzanga amene madesiki athu ndi oyandikana. Lolemba analengeza pa imelo kuti atenga iyeyo, ndipo mwezi wamawa akhala bwana wanga. Sindinama, zinandipweteka. Koma sindikudana naye, ndiponso ntchito amaidziwa. Lero ndi Lachitatu, sindinamuuze kanthu kupatula moni. Ndikufuna kumulembera kauthenga komufunira zabwino, koma chilichonse chomwe ndikulemba chikumveka ngati kalata ya ku ofesi, apo ayi ngati ndikumugemula. Taonani izi.

Koyamba ndinalemba kuti: "Okondedwa bwana, ndalemba uthengawu pofuna kukuyamikirani chifukwa cha kukwezedwa kwanu pa udindo wa mkulu wa nthambi. Ndikukufunirani zabwino zonse pa udindo wanu watsopanowu. Ine wanu wodzichepetsa."

Kachiwiri: "Mnzanga, mwayi wako ndithu! Sindinkayembekezera koma zatheka. Lero ndi iwe, mawa ndi ife. Usatiiwale poti wakwera."

Onse awiri sakundikomera, koma sindikuona pomwe pakulakwika.

Mjomba wa Nthabwala:
Wachiwiriwo musatumize, achemwali, pokhapokha ngati mukufuna kuti tchuthi chanu chizivomerezedwa mochedwa chaka chonse.

Angozo:
Ine ndikuona kuti mukuzikulitsa. Ingolembani "zabwino zonse" basi. Mawu akachuluka m'pamene munthu amadziulula.

Mlembi Wakale:
Angozo mwakhoza mbali imodzi, uthenga wotere uyeneradi kufupika. Koma "zabwino zonse" yekhayo angakwane akanakhala munthu wa nthambi ina amene mumangopatsana moni pakhomo. Awa ndi anthu okhala moyandikana, ndipo ofesi yonse ikudziwa kuti amapikisana. Mawu awiri ochokera kwa Nachisale adzamveka ngati munthu wolankhula atakukuta mano.

Mwanawe Nachisale, ine ndinakhala mlembi zaka zambiri, makhadi ndi makalata a mtundu uwu adutsa m'manja mwanga osawerengeka. Tiye tiyambe ndi uthenga wachiwiriwo, chifukwa ndi umene uli ndi minga. Uwerenge chiganizo chimodzichimodzi, pa chilichonse udzifunse kuti kodi chikunena za ndani.

"Mwayi wako ndithu." Apa wamulanda ntchito yake yonse. Mwayi ndi wa munthu wotola chinthu panjira. Iye anakonzekera intavyu, anagwira ntchito zaka, ndiye iwe ukumuuza kuti zangomugwera. "Sindinkayembekezera" akunena za iwe, ndipo tanthauzo lake n'lakuti m'maso mwako sanali woyenera. "Lero ndi iwe, mawa ndi ife" akunenanso za iwe, ukudzitonthoza wekha pamaso pake. "Usatiiwale" ndi pempho, komanso ndi mlandu umene ukumuimba asanalakwe, ngati kuti wayamba kale kudzikweza. Waona? Ziganizo zinayi, palibe n'chimodzi chomwe chonena zabwino zimene iye anachita. Nsanje siilowa mu uthenga ndi mawu oipa ayi. Imalowa wolemba akamangobwerera kwa iye mwini.

Nachisale:
Mayi, mwandigwira. "Usatiiwale" uja ine ndimati ndi nthabwala yofewetsa zinthu.

Mlembi Wakale:
Pakamwa, mukuseka nonse, ikhoza kukhala nthabwala, chifukwa nkhope ndi mawu ako zimamuuza kuti ukusewera. Ikalembedwa nkhope palibe. Iye adzaiwerenga ali yekha, mwina usiku, ali kale ndi nkhawa yoti Nachisale wandikwiyira. Munthu wankhawa amasankha tanthauzo loipa pa matanthauzo awiri. N'chifukwa chake pa uthenga uwu wokha nthabwala za malipiro, za galimoto, za kutigulira chakuti, uzisiye. Mudzaseka bwino pakapita milungu.

Mjomba wa Nthabwala:
Ndiye mwandichotsa ntchito, mayi.

Nangondo:
Ine ndikuti kalata yoyambayo ili bwino, ingowonjezerani kuti mukuthokoza akuluakulu a kampani chifukwa chokuganizirani, ndipo mulonjeze kuti mugwira ntchito molimbika pa udindo watsopanowu. Ine nditakwezedwa ndinalemba choncho ndipo abwana anasangalala kwambiri.

Angozo:
Anangondo, werenganinso bwino. Wakwezedwa si iwowa, ndi mnzawo.

Nangondo:
Aa, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe ulemu uli m'kalata yoyambayo ine ndaukonda. Munthu akakhala bwana ndi bwana basi, tizimupatsa ulemu wake.

Mlembi Wakale:
Ulemu ndi wabwino, Anangondo, koma tifunse kaye. Nachisale, masiku onse mumaitanana bwanji ndi mnzakoyo?

Nachisale:
Timangoti iwe. Ndife a msinkhu umodzi, tinayamba ntchito chaka chimodzi. Pamaso pa alendo ndi pamene timati inu.

Mlembi Wakale:
Ndiye vuto la kalata yoyamba ndi limenelo. Lachisanu lapitali unkamuti iwe, lero ukuti "okondedwa bwana" ndi "ine wanu wodzichepetsa". Iye adzamva chimodzi mwa ziwiri: mwina ukumunyogodola, mwina wamanga mpanda pakati panu ndipo ubwenzi watha. Zonsezo si zimene ukufuna. Lemba ndi pakamwa pomwe umamulankhulira masiku onse. Nkhani yoti muzitchulana bwanji akayamba udindo mudzaikonza pang'onopang'ono, mwina pamisonkhano uzidzati inu, mukakhala awiri iwe. Koma kusinthako kusayambire mu uthenga womufunira zabwino.

Chinanso, tenga kalata yoyambayo, ufufute mawu akuti "mkulu wa nthambi" uikepo udindo wina uliwonse. Ukhoza kuitumiza kwa mlonda, kwa dokotala, kwa munthu amene sunamuonepo. Kuuma kwake kwagona pamenepo. Komanso "ndalemba uthengawu pofuna" ndi mawu a kalata yofunsira ntchito. Iye akuona kale kuti walemba, palibe chifukwa chomuuzira.

Anaphiri:
Ndilowererepo, chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo. Ndinakwezedwa pakati pa anzanga amene tinkadyera limodzi masana. Mauthenga anabwera ambiri tsiku limenelo, ndipo pafupifupi onse anali ofanana: zabwino zonse, takunyadirani, pitirizani. Ndinayamika, koma lero sindingakuuzeni kuti analemba ndani ndi ndani. Umene ndimaukumbukira unachokera kwa bambo wina wachete, amene sitinkacheza n'komwe. Anangoti amakumbukira tsiku limene kasitomala anatikalipira tonse pa kauntala, ine n'kumutengera pambali, n'kumumvetsera mpaka anatuluka akupepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankadziwa kuti ndingathe kutsogolera anthu. Ine ndinali nditaiwala za tsikulo. Chimene chinandikhudza n'chakuti kunali munthu amene ankaona.

Ndikuuzeninso ichi, Anachisale. Masiku oyambirira aja munthu wokwezedwa sakhala pa chisangalalo chokhachokha monga mmene anthu amaganizira. Ine ndinkawerenga amene sanandilembere. Panali mnzanga mmodzi amene anangoti zii, ndipo chete wakeyo ankandisowetsa tulo kuposa ntchito yatsopanoyo. Mnzanuyo panopa akudikira inu, osati gulu lonselo.

Mlembi Wakale:
Anaphiri mwanena zimene ndimafuna kufikako. Chimene chimachititsa uthenga kumveka wochokera pansi pa mtima si kuchuluka kwa mawu okoma. Ndi chinthu chimodzi chenicheni, chimene unachiona ndi maso ako, chimene munthu wina sangachilembe. Wachiphamaso amatha kulemba "ndiwe wakhama, wanzeru, wodzipereka", chifukwa mawu amenewo safuna kuti ukhale unamuyang'anapo munthuyo. Koma sangapeke tsiku ndi chochitika.

Ndiye Nachisale, taiwala kaye za uthenga. Tiuze chinthu chimodzi chimene mnzakoyo anachita pa ntchito, chimene ngakhale lero mtima ukuwawa ungavomere kuti apa pokha anachita bwino.

Nachisale:
Chilipo. Potseka mabuku kumapeto kwa chaka chatha, ziwerengero zinakana kugwirizana. Tonse tinasakasaka mpaka madzulo osapeza. Iye anatsalira yekha, n'kuyamba kufananitsa mainivoisi limodzilimodzi ndi zimene zinalowetsedwa mu kompyuta, mpaka anapeza kuti invoisi ina inalowetsedwa kawiri. Analowetsa anali mnyamata watsopano amene anali asanathe miyezi yoyeserera. M'mawa mwake pa msonkhano abwana anafunsa kuti analakwitsa ndani. Iye anangoti vuto lapezeka ndipo takonza, n'kufotokoza mmene tingamapewere, dzina la mnyamatayo sanalitchule. Kenako anakhala naye pansi n'kumuphunzitsa. Ineyo, kunena zoona, ndi kutopa kwa tsiku limenelo ndikanamutchula.

Mlembi Wakale:
Basi, uthenga wako ndi umenewo, waulemba kale osadziwa. Ndipo wasankha bwino, chifukwa nkhaniyi ikugwirizana ndi udindo umene wapatsidwa. Mkulu wa nthambi amafunika zinthu ziwiri zomwezo, kudziwa mabuku ndi kudziwa kusunga anthu. Ukanati amavala bwino kapena amafika msanga kuntchito, zikanakhala zoona koma zosakhudzana ndi kukwezedwako.

Tsopano uuike m'magawo atatu aafupi. Poyamba mawu omufunira zabwino, olunjika, osazungulira. Pakati nkhani ija, m'ziganizo ziwiri. Pomaliza chiganizo chimodzi choyang'ana kutsogolo, chosapempha kanthu. Tayesa tione.

Nachisale:
Nayi:

"Mnzanga, ndakunyadira kwambiri kwambiri pa udindo wapatsidwawu. Palibe wina aliyense amene akanayenera kuposa iwe, ndiwe katswiri weniweni ndipo tonse timaphunzira kwa iwe. Ndimakumbukira mmene unapezera invoisi ija potseka chaka, komanso mmene unamutetezera mnyamata uja. Ngakhale nanenso ndinafunsira, ndilibe nawe chifukwa ngakhale pang'ono, usadandaule za ine. Ndili pambuyo pako pa chilichonse, usiku ndi usana."

Chilungamo Basi:
Pepani, koma apa mwanama. "Palibe wina amene akanayenera kuposa iwe." Nanga munafunsiranji ngati mumakhulupirira zimenezo? Iye akudziwa kuti munkadziona woyenera. Akangowerenga chiganizo chimenecho, zotsatira zonse aziyesa bodza, ngakhale za invoisi zoonazo.

Ndipo ine maganizo anga ndi akuti ngati mtima sunakondwe, osalemba. Bwanji kudzikakamiza? Chiphamaso chimanunkha.

Mlembi Wakale:
Pa chiganizo chija a Chilungamo akhoza, chichoke. Achokenso "katswiri weniweni", "tonse timaphunzira kwa iwe" ndi "kwambiri" wachiwiriyo. Munthu akafuna kubisa kuwawa amathira mawu otamanda mopitirira, ndipo owerenga amazindikira. Pali ngozi inanso: uyu akhala bwana wako, ndiye kumutamanda kopyola muyeso kudzaoneka ngati ukudzigulira malo. "Usiku ndi usana" nayenso ndi lonjezo limene sungalisunge, ndipo tsiku loyamba kutsutsana naye pa msonkhano adzalikumbukira.

Koma zoti asalembe, apo ndikukana. Uthengawu sukufuna kuti Nachisale anene kuti wakondwa kuti iye walephera. Ukufuna kuti anene zoona zokhudza mnzakeyo. Munthu akhoza kukhumudwa ndi zake, n'kuonabe kuti mnzake ndi waluso, zonse ziwiri n'kukhala zoona nthawi imodzi. Chofunika ndi kusankha mawu amene angawanene akumuyang'ana m'maso. Ngati "ndakondwa" akumutsamwa, asawalembe. "Wachita bwino" ndi oona. "Ndikukufunira zabwino" ndi oona. Akwana.

Chilungamo Basi:
Ndamva, koma ndikuonabe kuti kupita kukamugwira chanza n'kunena pakamwa kuli bwino kuposa kulemba. Zolemba zimapatsa mpata wokometsera.

Anaphiri:
Zonse ziwiri n'zofunika, koma kulemba kutsogole. Pakamwa mawu akhoza kunjenjemera, kapena misozi kulengeza, ndiye wokwezedwayo n'kuyamba kupepesa, zinthu n'kufika poipa. Akalandira uthenga kaye, mawa lake mukakumana mumangogwirana chanza n'kumwetulira, cholemera chija chachoka kale.

Amake Dalitso:
Ine chomwe ndaona chikusowa ndi Mulungu. Kukwezedwa kumachokera kwa Iye. Ndikanalemba kuti "Mulungu wakukumbukira, ino ndi nthawi yako."

Angozo:
Amake Dalitso, mawu amenewo ochokera kwa inu angakome. Ochokera kwa munthu amene wagonja pa intavyu angamveke ngati mwayi uja mayi anakana, kungoti wavala zovala za kutchalitchi. Ngati kunena kuti si nzeru zako, yangokwana nthawi.

Amake Dalitso:
Ayi Angozo, kwa munthu wopemphera palibe mawu aakulu kuposa amenewo. Sindikuona chonyoza.

Mlembi Wakale:
Zitengera anthu ake. Ngati awiriwa amakambirana za chikhulupiriro masiku onse, kusatchula Mulungu ndiye kungadabwitse. Ngati sanakambepo, asayambire pano. Ndipo akafuna kutchula, ine ndingakonde dzina la Mulungu aliike kutsogolo, monga "Mulungu akutsogolere pa udindowu", osati kumbuyo ngati chifukwa chimene wakwezedwera. Mukatero dalitso mwapereka, thukuta lakenso mwamusiyira.

Amake Dalitso:
Limenelo ndilandira, ngakhale kwa ine thukuta ndi chisomo sizilimbana.

Nachisale:
Sitikambirana kwenikweni za mapemphero, ndiye ndisiya. Koma chomwe chikundivuta kwambiri ndi chiganizo chonena kuti nanenso ndinafunsira. Ndichisiye kapena ndichichotse? Ndikachichotsa ndikuona ngati tonse tikunamizana, poti akudziwa. Tinadikirira intavyu pa benchi imodzi.

Mlembi Wakale:
Ine ndingachotse. Uthenga uwu ndi wa tsiku lake. Ukangolemba za kulephera kwako, wamupatsa ntchito yokutonthoza, ndipo yankho lake lidzakhala "pepa mnzanga, nawenso unayenera", m'malo mwa "zikomo". Komanso taona mmene wachilembera: "ndilibe nawe chifukwa ngakhale pang'ono, usadandaule za ine." Munthu amene alibedi chifukwa salengeza. Kukana chinthu chimene sanakufunse ndi kumuuza kuti chilipo. Nkhani ya intavyu mudzaikamba pakamwa tsiku lina, ndipo mwina adzaiyambitsa ndi iyeyo.

Anaphiri:
Apa mayi ndisiyana nanu pang'ono. Mmene achilembera n'zoona sichili bwino. Koma kusatchula n'komwe nakonso kuli ndi vuto lake. Ine ndikanalandira uthenga wokoma kuchokera kwa amene tinapikisana naye, wosakhudza mpikisanowo, ndikanadzifunsa kuti kodi walemba ndi mtima wake kapena wangokwaniritsa mwambo. Chiganizo chimodzi chachifupi chimatsegula zenera. Mwachitsanzo: "Ukudziwa kuti nanenso ndimaufuna, ndiye ukamva ine ndikunena kuti wachita bwino, dziwa kuti ndikunenetsa." Pamenepo sakupempha chitonthozo. Kufuna kwake komweko ndi kumene kukulemeretsa mawu akewo.

Chilungamo Basi:
Ichi ndiye ndachikonda. Chilungamo chili poyera.

Mlembi Wakale:
Chiganizo chanucho n'chaluso, Anaphiri, sindikana. Mantha anga ndi akuti chimafuna ubwenzi wolimba. Pakati pa anthu ongogwirizana pa ntchito chikhoza kumveka ngati "ona mmene ndakukomera mtima". Komanso zolembedwa zimakhala. Mawa zinthu zikadzavuta pakati pawo, uthenga wonena kuti ndinkafuna mpando wako udzakhala uli m'foni mwa bwana wake. Nachisale ndiye akudziwa kuya kwa ubwenzi wawo, asankhe yekha. Koma akasankha kutchula, chikhale chiganizo chimodzi, chikhale pakati, chisakhale choyamba kapena chomaliza. Choyamba ndi chomaliza ndi zimene munthu amatsala nazo m'mutu.

Mjomba wa Nthabwala:
Funso langa ndi lakuti atumiza kuti. Pa gulu la kuntchito pomwe aliyense waponya kale zithunzi za manja owomba?

Nachisale:
Pa gulupo sindinalembe kanthu. Anthu analemba Lolemba lomwelo, ine ndinangowerenga.

Angozo:
Ndiye anthu aona kale kuti dzina lanu palibe. Lembaniponso.

Mlembi Wakale:
Uthenga weniweniwo upite kwa iye yekha, pa foni kapena pa kakhadi kolemba pamanja n'kukasiya pa desiki pake. Nkhani ya mnyamata wa invoisi siyoika pa gulu, ungaulule chimene mnzakoyo anabisa dala. Imelo ya kuntchito ndingaipewe, imakokera munthu ku mawu ouma aja, komanso si ya inu awiri nokha monga mmene foni ilili. Za pa gulu, Lolemba zikanakhala bwino kuponyapo mzere umodzi. Lero Lachitatu, kukadzutsa nkhani imene yazizira kale kungachititse kuti aliyense ayang'ane iwe. Ine ndingasiye, n'kudzawomba m'manja pamodzi ndi ena tsiku limene adzamulandire pa msonkhano.

Koma usagonenso nawo. Tsiku loyamba kapena lachiwiri chilengezereni ndiye nthawi yabwino, lachitatu likadali bwino. Ikatha sabata, uthenga umafuna kuyamba ndi kupepesa, ndipo kupepesako kumabweza nkhani kwa iwe. Lero usapepese za kuchedwa, ungolemba.

Angozo:
Pa za gulu sindikugwirizana nanu. Anthu a mu ofesi amasunga zinthu. Mzere umodzi, ngakhale mochedwa, umatseka pakamwa pa amiseche.

Anaphiri:
Amiseche adzanena ngakhale alembe. Akalemba adzati wadzikakamiza.

Nachisale:
Za gulu ndiganizabe. Uthenga ndaukonza motere:

"Mnzanga, wachita bwino, ndipo ndikukufunira zabwino pa udindo watsopanowu. Sindiiwala potseka chaka paja, mmene unatsalira mpaka unapeza invoisi ija, kenako m'mawa mwake osamutchula mnyamata uja pa msonkhano koma kukhala naye pansi n'kumuphunzitsa. Ukudziwa kuti nanenso ndimaufuna udindowu, ndiye ndikamati nthambi ili m'manja abwino ndikunenetsa. Tigwira ntchito limodzi bwino."

Mlembi Wakale:
Uwu ndi uthenga wa munthu. Ziganizo zinayi, ndipo palibe wina mu ofesi yanu amene akanaulemba. Wasankha njira ya Anaphiri, chabwino, waiika pamalo pake. Uwerenge mokweza kamodzi usanatumize. Pomwe lilime lako likukana, pamenepo pali mawu amene si ako. Usawonjezere tizithunzi tambiri, kamodzi kakwana ngati mumatumizirana masiku onse. Ukatumiza usayembekezere yankho lalitali. Akangoti "zikomo mnzanga" usayambe kuwerenga mizere kuti wayankha mozizira, nayenso mawu akumusowa ngati iwe.

Chilungamo Basi:
"Tigwira ntchito limodzi bwino" mukutsimikiza? Simunayambe n'komwe.

Nachisale:
Ndi zimene ndikufuna kuti zichitike. Mwina ndinene kuti "ndili wokonzeka kugwira nawe ntchito."

Anaphiri:
Ayi, ameneyo wabwerera ku kalata ya ku ofesi. Woyamba uja ali bwino, akumveka ngati mmene mumalankhulira.

Nangondo:
Ine ndili ndi langa, poti mwayamba kuthandiza. Kwathu anakweza munthu amene aliyense akudziwa kuti ntchito saitha, malipoti ake timamukonzera ndife. Khadi likuzungulira kuti aliyense alembepo. Nanga pamenepo chinthu chenicheni chimene mukunenachi ndichitenga kuti?

Mjomba wa Nthabwala:
Lembani kuti "malipoti anu ndimawadziwa bwino kwambiri."

Mlembi Wakale:
Mjomba, mudzachotsetsa anthu ntchito. Anangondo, khadi la gulu ndi losiyana ndi nkhani ya Nachisale. Pamenepo malo ndi ochepa ndipo palibe amene akuyembekezera zambiri, ndiye mawu a Angozo aja akugwira ntchito: "Zabwino zonse pa udindo watsopano", dzina lanu, basi. Kumufunira munthu zabwino si kuchitira umboni kuti anayenera. Chimene musalembe ndi "munayeneradi", chifukwa limenelo ndi bodza, ndipo anzanu amene mumakonza nawo malipoti aja adzaliwerenga pa khadi lomwelo. Ngati pali kanthu kakang'ono koona, monga kuti amalandira bwino alendo kapena sakalipira anthu, mukhoza kukatchula. Ngati palibe, musakafukule.

Chilungamo Basi:
Ine khadi limenelo ndingalidutsitse osalemba. Ndikasaina ndiye kuti ndavomereza.

Angozo:
Mukasiya kusaina, dzina losowalo ndi limene adzaliwerenge koyamba. Dandaulo la mmene anamukwezera mukalipereke kwa amene anamukweza, osati pa khadi.

Chilungamo Basi:
Kwa amene anamukwezawo ndingapitedi. Koma cholembera changa pa khadilo ayi.

Nangondo:
Khadilo lafika kale pa desiki panga, ndipo amene akulizunguliza waima pakhomo akudikira. Ndilemba mzere wa Angozo uja. Za malipoti tidzakambirana tsiku lina, chifukwa mwezi ukatha adzabweranso nawo kuti timukonzere, ndipo apo ndiye sindikudziwa kuti tidzamukanira bwanji bwana.